Fomyula imene sidzapezeka

Ana a sekondale amaloweza fomyula yothetsera ikweshoni ya x². Mu 1545, buku la Cardano lotchedwa Ars Magna linaonetsa njira za x³ ndi x⁴, ndipo akatswiri anayembekezera kuti ya x⁵ ili m'njira. Anaisakasaka zaka zoposa 250 osaipeza. Mu 1824, Niels Abel wa ku Norway anatsimikiza kuti fomyulayo kulibe ngati tingogwiritsa ntchito kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa ndi kutenga mizu monga √. Amene anafukula gwero lake ndi Évariste Galois wa ku France, yemwe anafa ndi chipolopolo mu 1832 ali ndi zaka 20 zokha.

Galois sanathamangire kupeza mayankho. Anafunsa kuti: kodi mayankhowo angasinthanitsidwe malo m'njira zingati popanda kusokoneza ubale wawo? Njira zonsezo pamodzi ndizo gulu la Galois. Mayankho anayi amasinthanitsidwa m'njira 24, asanu m'njira 120.

Kutenga muzu kuli ngati kutsika makwerero. Muzu uliwonse umachepetsa gululo n'kusiya kagulu ka m'kati mwake, koma si kagulu kalikonse kamene kamaloledwa. Kayenera kukhala kosasintha ngakhale mayankho atapatsidwa mayina ena, ndipo pa sitepe imene yatsikidwayo zisakhale ndi kanthu kuti kusinthanitsa kuti kwayamba, kuti kwatsatira. Gulu lotsika chotere mpaka pa 1 ndilo gulu lothetseka. La x⁴ limatsika bwinobwino kuchoka pa 24 kufika pa 12, kenako pa 4, pa 2, mpaka pa 1.

La x⁵ limatsika kamodzi kokha, kuchoka pa 120 kufika pa 60, n'kuima pomwepo. Chifukwa chake munthu angachione yekha ndi pensulo. Njira 60 zotsalazo zimagawika m'mabanja asanu: la 1, la 12, lina la 12, la 15 ndi la 20. Kagulu kololedwa kayenera kutenga mabanja athunthu, osasiya la 1, komanso kukula kwake kugawe 60 popanda chotsala. Tayesani: 1 ndi 12 ndi 13, 1 ndi 15 ndi 16, 1 ndi 20 ndi 21. Zinazo ndi 25, 28, 33, 36, 40, 45 ndi 48. Palibe imene igawa 60, choncho sitepe yotsatira palibe.

Komatu izi sizitanthauza kuti ikweshoni iliyonse ya x⁵ ndi yokanika. Ya x⁵ − 2 = 0 ili ndi gulu la njira 20 zokha, lothetseka, ndipo yankho lake ndi ⁵√2. Koma ya x⁵ − x − 1 = 0, ngakhale ikuoneka yosavuta, ili ndi njira zonse 120. Yankho lilipo ndithu, pafupifupi 1.1673, ndipo kompyuta ingalipeze mpaka manambala ochuluka momwe munthu angafunire. Chosatheka n'kulilemba ndi mizu.