Kuchotsa fungo la chuku m'zovala za m'thiranki

Mwezi wa Meyi ukafika, kuzizira kukayamba, ambiri timatsegula thiranki kuti titulutse majuzi ndi mabulangete amene tinasunga dzinja lonse. Chimene chimatilonjera ndi fungo lija la chuku. Ena amathamangira perefyumu, koma kumeneko n'kutaya ndalama chabe. Fungoli limachokera ku nkhungu yamoyo imene yamera pa ulusi wa nsalu, ndipo imadya thukuta ndi litsiro lotsalira m'chovala. Nkhunguyo ikapanda kuchoka, fungo limabwerera.

Titenge thiranki lachitsulo limene lakhala pa simenti, chotsamira khoma, kuyambira Disembala. Litulutseni panja lonse. Zovala zimene zili ndi timadontho totuwa muzikuntha ndi kuzipukuta ndi bulashi panja pomwepo, mutaphimba mphuno ndi kansalu, chifukwa fumbi lake limayambitsa chifuwa, makamaka kwa odwala mphumu.

Kenako thirani kapu imodzi ya viniga woyera mu ndowa ya malita 10 a madzi, munyikemo zovalazo kwa ola limodzi, ndiyeno muzichape ndi sopo monga mwa masiku onse. Fungo la viniga lisakudetseni nkhawa, limatha chovala chikauma. Ngati chuku chikumvekabe, nyikaninso m'madzi ena momwe mwasungunula theka la kapu ya soda, yemwe uja timathira m'therere. Soda ndi viniga musaziphatikize m'ndowa imodzi. Zimachita thovu looneka ngati zikugwira ntchito, pamene zikungothetsana mphamvu. Choopsa kwambiri ndi kusakaniza viniga ndi jiki, chifukwa zimatulutsa mpweya wa poizoni. Juzi laubweya limafuna madzi ozizira, otentha amalifinyimbiza.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi poyanika. Chovala chimatha kuoneka chouma pamwamba chikadali ndi chinyezi m'kolala, m'matumba ndi m'misoko. Chitembenuzeni, chikhale padzuwa tsiku lathunthu, ndipo musanachanule gwirani malo okhuthalawo. Akamamveka ozizira m'manja, sichinaume. Anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene chiperoni chimatha masiku osalekeza, ndi bwino adikire tsiku la dzuwa lenileni asanayambe kuchapa bulangete. Pomaliza sitani ndi simbi yotentha, imenenso imapha mazira a ntchentche yoyambitsa mphutsi pakhungu.

Thiranki nalo lisaiwalike. Lipukuteni mkati ndi viniga, likhale chitsegukire padzuwa mpaka liumiretu. Polibweza m'nyumba liikeni pa njerwa kapena matabwa, patali pang'ono ndi khoma, ndipo muikemo makala ouma angapo omanga m'kansalu kuti aziyamwa fungo.

Madontho akuda amene alowerera mu ulusi nthawi zambiri sachoka, ndipo nsalu ikamang'ambika mukangoikoka pang'ono ndiye kuti yaola, palibenso chochita. Choncho dzinja likubwerali musasunge chovala chovalidwa kale chosachapa, ndipo dzuwa likawala, tsegulani thirankilo kamodzi pa mwezi zovala zipitidwe mphepo.