Zimene Chithunzi cha Bere Chimaonetsa ndi Zimene Chimabisa

Anamwino ambiri amaudziwa uthenga umenewu. Umafika pa WhatsApp usiku ana atagona: chithunzi cha bere chojambulidwa m'chipinda, ndipo pansi pake pali mawu ochepa. "Achemwali, pepani ndakuvutitsani. Tandionereni apa, kodi n'zoopsa?" Wotumizayo akuyembekezera kumva kuti palibe vuto, agone. Koma limenelo ndi yankho limene namwino wodziwa ntchito yake sangapereke poona chithunzi chokha. Chithunzi chikhoza kuonetsa chinthu chokwanira kuti munthu auzidwe kuti mawa alawirire kuchipatala. Chimene sichingathe ndi kutsimikiza kuti bere lili bwino, pakuti zambiri za m'bere zimadziwika ndi zala, osati maso.

Sikuti zithunzi n'zopanda ntchito. Mu Januwale 2017 padziko lonse panafala chithunzi cha mandimu 12 oikidwa mu thireyi ya mazira, chimene anakonza mayi wa ku America, Corrine Ellsworth-Beaumont. Ndimu lililonse linkaonetsa chizindikiro chimodzi cha khansa ya m'mawere: lina lolowa m'kati, lina lotupa, lina lotuluka magazi kunsonga. Chithunzicho chinaphunzitsa anthu kuti khansa siyamba ndi chotupa nthawi zonse, ndipo nthawi zina khungu ndi limene limayamba kuulula.

Tiyerekeze mayi wa zaka 44 amene anasiya kuyamwitsa kalekale. Tsiku lina akumanga duku pagalasi, manja ali m'mwamba, akuona kuti m'mbali mwa bere lakumanzere, chakukhwapa, khungu lalowa m'kati pang'ono ngati wina walidina ndi chala. Atatsitsa manja, kadzenjeko kazimiririka. Akutenga foni n'kujambula, koma dzanja lagwira foni, mkono uli pansi, kuwala kwa foni kwamenya bere kuchokera kutsogolo. Pachithunzi pakuoneka khungu losalala bwino. Mchemwali wake akayang'ana chithunzi chimenecho n'kunena kuti sakuona kanthu, sananame, komabe mayiyo wasokeretsedwa.

N'chifukwa chiyani kadzenjeko kamaoneka manja akakwezedwa? M'kati mwa bere muli timinyewa topyapyala ngati ulusi timene timachokera pachifuwa n'kukagwira khungu, ndipo ndi timeneti timagwira bere kuti likhale m'malo. Dokotala wa ku England, Astley Cooper, anatifotokoza mu 1840, ndipo mpaka lero timadziwika ndi dzina lake. Amene anasokapo chovala amadziwa zimene zimachitika ulusi umodzi ukakokeka: nsalu imachita makwinya pamalo amodzi, ndipo makwinyawo amaoneka kwambiri ukaikunga. Khansa ikamakula imagwira timinyewa timeneti n'kutifupikitsa. Mayi akakweza manja, kapena akagwira m'chiuno n'kukanikiza mwamphamvu, bere lonse limasuntha koma pamene pagwidwapo pamatsalira, n'kulowa m'kati. Kadzenje kotere kangabwerenso chifukwa cha chipsera cha opaleshoni, chithupsa chakale, kapena mafuta a m'bere amene anauma munthu atavulala. Maso sangasiyanitse zimenezi. Choncho kadzenje katsopano kalikonse, ngakhale kakhale kosapweteka ndiponso kopanda chotupa chomveka pansi pake, n'kofunika kukapimitsa.

Pali kusintha kwina kwa khungu kumene sikudikira. Bere limatupa m'masabata ochepa, limalemera, limatentha, ndipo khungu limakhuthala n'kuchita timaenje tambirimbiri ngati khungu la lalanje. Izi zimachitika maselo a khansa akatseka timitsempha tochotsa madzi pakhungu. Madziwo amadzaza khungu, koma pamene pali timabowo ta thukuta ndi ubweya pamakhala pogwidwa, ndiye pamaoneka ngati pobooledwa ndi singano. Apa zithunzi za m'mabuku zimatilakwira ife akhungu lakuda. Mabuku ambiri amati bere limafiira, ndipo amaonetsa mzungu wofiira ngati tomato. Pakhungu lathu kufiirako sikuoneka choncho. Malowo amangoderapo kuposa bere linalo, mwina kunyezimira. Munthu amene akufunafuna kufiira adzati zake n'zina.

Vuto lina n'lakuti zizindikiro zimenezi zimafanana ndi kutupa kwa bere kumene kumagwira amayi oyamwitsa, kumene kumabwera ndi ululu ndi kutentha thupi. Kwa mayi woyamwitsa, nthawi zambiri vuto limakhaladi limenelo, ndipo mankhwala opha tizilombo amathandiza m'masiku ochepa. Koma ngati wamwa mankhwala bwinobwino kwa sabata imodzi kapena masiku 10 ndipo bere silikusintha, asakagule ena kufamase. Abwerere kuchipatala akanene kuti mankhwala oyamba sanathandize. Mayi amene sakuyamwitsa koma bere lake latupa motere ayenera kupimidwa mozama kuyambira ulendo woyamba.

Kunsonga ya bere, funso lalikulu ndi lakuti: zayamba liti? Amayi ena nsonga zawo zinakhala zolowa m'kati kuyambira ali atsikana, mwina mawere onse awiri, ndipo akazikoka zimatuluka. Chimenecho n'chilengedwe chawo. Zosiyana ndi nsonga imene inali yotuluka zaka zonse, kenako ya bere limodzi n'kuyamba kulowa, kuphwatalala kapena kuloza kumbali. Wolandira chithunzi sangadziwe kusiyana kumeneku, chifukwa sakudziwa mmene berelo linalili chaka chatha. Mwiniwake ndiye akudziwa.

Zotuluka kunsonga nazo zili ndi mitundu. Timadzi tonga mkaka totuluka m'mawere onse awiri munthu akafinya, ngakhale patapita miyezi yambiri atasiya kuyamwitsa, kawirikawiri si khansa. Chofunika kuthamanga nacho ndi madzi otuluka okha popanda kufinya, bere limodzi, pa kabowo kamodzi, makamaka akakhala a magazi kapena oyera mbee ngati madzi akumwa. Ambiri amazindikira poona kadontho pa bula kapena pa chovala chogonera. Nthawi zambiri gwero lake limakhala kanjerewere kosaopsa komera m'njira ya mkaka, koma zimenezo amanena ndi achipatala atapima. Ndipo musamafinye tsiku lililonse kuti muone ngati zasiya, chifukwa kufinyako kumachititsa kuti zizitulukabe.

Palinso kachilonda kapena nkhanambo ya pansonga imene imaoneka ngati chikanga. Chikanga chenicheni chimakonda kugwira malo akuda ozungulira nsonga, kawirikawiri mbali zonse ziwiri, ndipo chimamva mankhwala opaka. Matenda amene James Paget anafotokoza mu 1874 amayambira pansonga penipeni pa bere limodzi n'kumafalikira kunja, ndipo kumbuyo kwake nthawi zambiri kumakhala khansa. Amatha kuoneka ngati apola munthu akapaka mafuta, kenako n'kuyambiranso. Nkhanambo ya pansonga imodzi imene yatha milungu ingapo osapola isapakidwenso zina ndi zina. Ikaonedwe.

Nanga chotupa? Ichi ndiye chimene kamera imalepherera kutali. Chotupa chikafika pooneka pachithunzi, ndiye kuti chakula kale, kapena chili pafupi kwambiri ndi khungu. Chaching'ono ngati nzama chimangomveka ndi zala. N'zoona kuti zotupa zambiri za m'mawere, pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse, si khansa. Mtsikana wa zaka za m'ma 20 akapeza kambulu kosalala, kozungulira, kothawathawa pansi pa chala, kawirikawiri kamakhala kosaopsa. Mawere ambiri amachita mibulu ndi kuwawa msambo ukayandikira, n'kuphwa ukatha. Chotupa cha khansa chimakonda kukhala cholimba, chopanda malire omveka bwino, chosasuntha, ndiponso chosapweteka. Kusapweteka kumeneku n'kumene kwachedwetsa anthu ambiri, popeza tinazolowera kupita kuchipatala tikamva ululu. Koma malamulo amenewa ali ndi zopatuka zake, moti ngakhale dokotala wazaka zambiri pantchito sakhulupirira zala zake zokha. Ku Britain, malangizo a madokotala amati munthu wa zaka 30 kapena kuposerapo akapezeka ndi chotupa chosadziwika chifukwa chake, atumizidwe mwachangu kwa akatswiri, kaya chikupweteka kaya ayi. Wocheperapo zaka akaonetsenso, makamaka chotupacho chikakhalapobe msambo utadutsa. Mwanabere wolimba m'khwapa, wosatha, pamene palibe bala padzanja kapena pabere, alinso m'gulu lomweli. Abambo asadziyese otetezeka: pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 odwala khansa imeneyi ndi mwamuna, ndipo kwa iwo chotupa chimakonda kukhala kuseri kwa nsonga.

Tibwerere kwa mayi wathu uja. Atafika kuchipatala, wopima amamuuza akhale tsonga, atsitse manja, akweze, kenako agwire m'chiuno, uku akuyerekeza mawere awiriwo. Akatero amamugoneka n'kupapasa bere lonse ndi zala zogoneka, mpaka m'khwapa ndi pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi. Tinene kuti pansi pa kadzenje kaja wapeza chotupa cholimba cha masentimita awiri, chimene mwiniwake sanachimve. Chotsatira ndi kuunika. Kwa achitsikana amakonda sikani yoyendetsa kachipangizo pakhungu, chifukwa mawere awo ndi othinana m'kati. Kwa a zaka 40 kupita m'tsogolo amawonjezera mamogalamu, ekisile ya bere, kumene makinawo alipo. Chomaliza ndi kutapa kanyama ndi singano, atabaya mankhwala ochititsa dzanzi, kuti akakaone pa makina okulitsa zinthu. Pali mantha akuti chotupa chikabayidwa ndiye chimalusa. Kutapa kanyama sikukulitsa khansa, ndipo popanda kuteroko palibe amene anganene motsimikiza kuti ndi khansa kapena ayi. Kuno ku Malawi chipatala chaching'ono chimatumiza wodwala ku chipatala cha boma, ndipo kuchoka kumeneko ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba ndi Mzuzu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limafuna kuti kupima konseku kuthe pasanathe masiku 60 kuchokera tsiku limene munthu anafika koyamba. Choncho kufunsa tsiku lobwera kudzamva zotsatira, n'kuonetsetsa kuti lalembedwa m'buku la kuchipatala, si mwano.

Pamenepa m'pamene chithunzi chimapeza ntchito yake yeniyeni, yosunga mbiri. Chijambulidwe masana, kuwala kukuchokera kumbali monga pawindo, osayatsa kuwala kwa foni, mawere onse awiri akuoneka, kamodzi manja ali pansi, kenako ali m'mwamba. Foni iikidwe pa shelefu, kapena ajambule munthu wodalirika. Kadontho ka magazi pa chovala kajambulidwenso, chifukwa tsiku la kuchipatala mwina sikadzatuluka. Chithunzicho chisayende m'magulu a pafoni, poti chikatuluka sichibwerera. Chikhale m'foni ya mwiniwake, ndipo wopima akafunsa kuti zinayamba liti, mayi atsegule n'kumuonetsa tsiku lake.