Mawu 3 a pa mafomu a opita kukagwira ntchito ku Britain

Namwino wachimalawi akapeza ntchito ku Britain, funso la "Sponsor" silifunsa za amalume amene amugulira tikiti ya ndege. Likufunsa za olemba ntchito amene ali ndi laisensi ya boma, ndipo iwowo ndi amene amapereka Certificate of Sponsorship. Imeneyi si pepala ayi, ndi nambala yolemba pa fomu, ndipo imatha mphamvu pakadutsa miyezi 3.

Pamene ambiri amakhumudwa ndi pa "Dependant". Kwathu, aliyense amene umamudyetsa ndi wako, kaya ndi mayi kaya ndi mphwako amene ukumulipirira sukulu. Fomu ya viza imangowerengera mkazi kapena mwamuna wako, kapena bwenzi limene mwakhala nalo ngati banja kwa zaka zosachepera 2, ndi ana osakwana zaka 18. Tiyerekeze namwino uja ali ndi mwana wazaka 17 ndi miyezi 10. Apemphe msanga, chifukwa amayang'ana zaka za mwanayo pa tsiku lopereka fomu. Mayi ake okalamba, ngakhale amadalira iye pa chilichonse, salowa m'gululi.

"Next of kin" ndi munthu woti adziwitsidwe ukadwala kapena ukamwalira, basi. Kumulemba sikumupatsa viza, ngakhalenso chuma chamasiye. Lembani amene amayankha foni.