Rosita ikasintha mu wodi

Namwino mmodzi akapita kutchuthi chakubereka, rosita ya wodi yonse imagwedezeka. Manaiti ake amayenera kugawidwa kwa otsala, ndipo ntchito yolengeza zimenezi imagwera sisita wamkulu. Asisita ena amangomata rosita yatsopano pabolodi n'kuchokapo. Vuto lake, munthu yemwe wazolowera kupuma Lachinayi sayang'ananso pabolodi. Amadzadziwa atalandira foni kuti wodi ilibe munthu.

Chidziwitso chabwino chimayamba ndi zomwe zasintha. Tinene kuti rosita yatsopano iyamba Lolemba pa 15. Sisita aimate pa 1, alembe chifukwa chake mwachidule, atchule mayina a omwe masiku awo asuntha, ndipo aliyense asaine kuti waona. Kuitumiza pagulu la WhatsApp n'kothandiza kwa omwe ali kunyumba, koma yapabolodi ndiyo yeniyeni, ndipo pakona pake palembedwe deti kuti isasokonekere ndi yakale.

Pamene pamagona nkhani ndi pa kusinthana. Anamwino awiri amatha kugwirizana pakhonde: "Asisi, mundigwirireko Lachitatu masana, ine ndidzakubwezerani Loweruka." Zikumveka zachibale, koma taonani rositayo. Wopemphedwayo ali pa naiti Lachiwiri, ndipo adzaweruka m'mawa wa Lachitatu lomwelo. Akavomera, ndiye kuti adzagawa mankhwala tsiku lonse asanagone. Palinso za luso: mzamba sangasinthane ndi namwino yemwe sanaphunzire zauzamba n'kusiya chipinda chochilira chopanda woyembekezera amayi. Ndipo lamulo la ntchito la m'Malawi, la chaka cha 2000, limaika malire a maola 48 pa sabata, kupatula ovataimu. Kusinthana kosawerengera kumadumphitsa munthu malirewo mosazindikira.

N'chifukwa chake chidziwitso chinene poyera kuti kusinthana kulembedwe m'buku, onse awiri asaine, sisita avomereze, kenako akonze pa rosita ndi dzanja lake. Zikapanda kutero, yemwe dzina lake lili pabolodi ndiye adzayankhe akapezeka kuti sanabwere, ngakhale atati mnzake analonjeza.

Tsiku lomaliza lolandirira madandaulo likhale ndi ola lake. Mawu akuti "msanga" aliyense amawamva mwake. Alembe kuti: madandaulo afike kwa sisita, olembedwa, pofika Lachisanu pa 5, 12 koloko masana. Masiku asanuwo si ochuluka, chifukwa a naiti ndi omwe ali pa ofu amachedwa kuona bolodi. Wodandaula anene tsiku lomuvuta, chifukwa chake, ndi tsiku lomwe angagwire m'malo mwake. "Rosita iyi ndi yokondera" sipatsa sisita pogwira.

Yomaliza ituluke Lolemba pa 8, kuti amene ali ndi ana apeze wowasiyira usiku. Kuchokera pamenepo, zomwe zingasunthe dzina ndi matenda, maliro, kapena kusinthana kolembedwa m'buku.