Chigayo cha K20 miliyoni chatsala ndalama zingati m'buku?

Pa msonkhano wapachaka wa kopaletivi kapena kampani yaing'ono, pali pepala limodzi lomwe anthu amangolidumpha. Limakhala chakumapeto kwa lipoti la zachuma, ndipo limaonetsa katundu wokhalitsa monga galimoto, makina ndi makompyuta, mtengo womwe anagulira, ndalama yomwe ikuchotsedwa pa mtengowo chaka ndi chaka, ndi yomwe yatsala. Maakauntanti amati imeneyi ndi ndandanda ya dipulisiyeshoni. Mamembala ambiri akaona kuti manambala akutsika mwadongosolo amangogwedeza mutu, n'kupita pa nkhani ya phindu. Chonsecho phindu lomwe akulimbiranalo ladutsa pa pepala lomweli.

Ganizo lake ndi losavuta. Makina ogwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi sangawerengedwe ngati ndalama yomwe yatha chaka chimodzi, ngati mmene amachitira ndi mafuta kapena malipiro a antchito. Mtengo wake umagawidwa pa zaka zonse zomwe makinawo akhale akubweretsa ndalama. Palibe ndalama yomwe imatuluka m'thumba chaka chilichonse, koma gawo la chakacho limachepetsa phindu. Lamulo lomwe maakauntanti a m'maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, amatsatira pa nkhaniyi ndi IAS 16.

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi a chimanga yomwe chaka chake cha zachuma chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala. Mu Marichi 2021 inagula chigayo cha magetsi. Msungichuma walemba kuti mtengo wake ndi K18 miliyoni, chigwira ntchito zaka 6, ndipo akuchotsa K3 miliyoni chaka chilichonse kuyambira 2021. Pofika kumapeto kwa 2024 wachotsa K12 miliyoni, ndipo m'buku chatsala K6 miliyoni. Aliyense wotenga kakyuleta apeza kuti masamuwo ndi oona: 18 kugawa ndi 6 ndi 3, ndipo 3 kuchulukitsa ndi 4 ndi 12.

Koma odita wodziwa ntchito yake sayambira pa kakyuleta. Amayamba waitanitsa faelo ya malisiti.

M'faelomo muli invoisi ya wogulitsa, ya K18 miliyoni. Mulinso lisiti la lole yomwe inanyamula chigayocho kuchokera ku Blantyre, K600,000, ndi lina la amisiri omwe anamanga maziko a simenti, kuchikhazika ndi kulumikiza mawaya, K1,400,000. Malinga ndi IAS 16, mtengo wa katundu ndi ndalama zonse zomufikitsa pamalo pake mpaka akhale wokonzeka kugwira ntchito, kuphatikizapo msonkho wa pa boda ngati wachokera kunja. Chigayo chomwe chili m'bokosi ku Blantyre sichigaya ufa wa munthu. Choncho mtengo woyambira ndi K20 miliyoni. Msungichuma anaponya K2 miliyoni ija pa ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi mabilu a magetsi. Pali zina zomwe sizilowa pa mtengowu ngakhale zinalipidwa nthawi yomweyo, monga maphunziro a woyendetsa chigayo ndi chakudya cha pa mwambo wotsegulira.

Kenako odita amatsegula maminitsi a komiti. Amapeza kuti pogula, komitiyo inagwirizana kuti chigayocho chikadzatha zaka zake chingadzagulitsidwe pa K2 miliyoni. Ndalama imeneyi siigawidwa pa zaka zija, chifukwa akuyembekeza kuti idzabwerera. Yoyenera kugawa ndi K20 miliyoni kuchotsapo K2 miliyoni, kutsala K18 miliyoni. Kugawa pa zaka 6, yankho ndi K3 miliyoni pa chaka.

Apa ndiye pali msampha wa nkhani yonseyi. Nambala ya msungichuma ndi ya odita zafanana, K3 miliyoni, koma msungichuma wafikapo ataphonya kawiri. Anaiwala K2 miliyoni ya mayendedwe ndi amisiri, anaiwalanso K2 miliyoni ya mtengo wodzagulitsira, ndipo zolakwa ziwirizo zinaphimbirana. Munthu wongoyang'ana gawo la pachaka akadasainira pepalalo ndi mtima woyera. N'chifukwa chake nambala iliyonse ya pa ndandanda iyenera kukhala ndi kwawo: mtengo uchokere pa malisiti, zaka ndi mtengo wodzagulitsira zichokere pa chigamulo cholembedwa, ndipo tsiku loyambira likhale ndi umboni wake.

Tsikulo nalo linavuta. Chigayo chinafika mu Marichi, koma magetsi analumikizidwa kumapeto kwa Juni, ndipo buku la makasitomala likuonetsa kuti thumba loyamba linagayidwa pa 1 Julayi 2021. Kuchotsa kumayamba pomwe katundu wakonzeka kugwira ntchito, osati tsiku lolipira. Ngati ndondomeko ya bungwe ndi yowerengera mwezi ndi mwezi, gawo la mwezi umodzi ndi K250,000, ndipo miyezi 6 ya 2021 ikupereka K1.5 miliyoni, osati K3 miliyoni. Alipo mabungwe ena omwe amachotsa chaka chathunthu m'chaka chogulira n'kusachotsa kanthu m'chaka chogulitsira. Ngati ndi choncho, ziyenera kulembedwa mu ndondomeko ya bungwe ndi kuchitidwa pa katundu yense, osati poti msungichuma zamuphwekera chaka chimenecho.

Ndandanda yokonzedwa ikuoneka motere. Mu 2021 achotsa K1.5 miliyoni, kutsala K18.5 miliyoni. Mu 2022, 2023 ndi 2024 achotsa K3 miliyoni chaka chilichonse, kutsala K15.5 miliyoni, kenako K12.5 miliyoni, kenako K9.5 miliyoni. Zonse zomwe zachotsedwa ndi K10.5 miliyoni.

Pali njira yachidule yotsimikizira nambala yomalizayi, ndipo membala aliyense angaichite kuseri kwa envelopu. Imawerengera chobwerera m'mbuyo. Zaka 6 ndi miyezi 72. Kuchokera Julayi 2021 kufika Disembala 2024 yadutsa miyezi 42, kwatsala 30. Miyezi 30 pa K250,000 ndi K7.5 miliyoni, kuphatikizapo K2 miliyoni yodzagulitsira ija, zikukwana K9.5 miliyoni. Njira ziwirizo zakumana. Ndandanda ya msungichuma sikadapirira mayeso amenewa, chifukwa pofika kumapeto kwa 2026 ikadafika pa ziro, pomwe yoona imatha mu Juni 2027 n'kuima pa K2 miliyoni. Mzere womaliza wa ndandanda ukatsika kupitirira mtengo wodzagulitsira, kapena makina akapitiriza kuchotsedwa zaka zake zitatha kale, ndiye kuti penapake pagona cholakwa.

Kusiyana kwa K6 miliyoni ndi K9.5 miliyoni ndi K3.5 miliyoni, ndipo yonse ikulozera ku 2021: K2 miliyoni yomwe inalowa pa zoyendetsera ntchito, ndi K1.5 miliyoni ya miyezi yomwe chigayo chinali chisanayambe kulira. Chaka chimenecho mamembala anauzidwa phindu lochepa ndi K3.5 miliyoni poyerekeza ndi lenileni. Palibe yemwe anaba ngakhale tambala, koma ngati magawo a mamembala anawerengedwa pa phindulo, mkangano wake sungakhale waung'ono.

Nanga njira yowerengera? Yomwe tatsatirayi ndi yochotsa mofanana chaka chilichonse, ndipo mu Excel amailemba chonchi:

```
=SLN(20000000,2000000,6)
```

Yankho lake ndi 3000000. Ina yofala, makamaka pa magalimoto ndi makompyuta, ndi yochotsa peresenti pa mtengo womwe watsala. Pa 20 peresenti, K20 miliyoni ingachotsedwe K4 miliyoni chaka choyamba chathunthu. Chaka chachiwiri 20 peresenti imatengedwa pa K16 miliyoni yotsalayo, kukhala K3.2 miliyoni, ndipo chachitatu ndi K2.56 miliyoni. Manambala amayenera kuchepa chaka ndi chaka. Ndiye ngati lipoti likunena kuti bungwe limatsata njira imeneyi koma ndandanda ikuonetsa K4 miliyoni, K4 miliyoni, K4 miliyoni, wolembayo wakhala akutenga peresenti pa mtengo wogulira. Kawirikawiri zimachitika wina akakokera fomula pansi mu Excel ili yomangidwa pa bokosi loyamba.

Zaka 6 zija si lamulo la kumwamba, ndi kuyerekeza chabe, ndipo IAS 16 imafuna kuti zaka ndi mtengo wodzagulitsira ziunikidwenso kamodzi pachaka. Tinene kuti kumayambiriro kwa 2025 makaniko wayang'ana chigayo n'kunena kuti chasamalidwa bwino, chigwira ntchito zaka zina 5 m'malo mwa ziwiri ndi theka. Zaka zapitazo sizikhudzidwa. Amatenga K9.5 miliyoni, kuchotsapo K2 miliyoni, n'kugawa K7.5 miliyoni pa zaka 5, ndipo gawo la pachaka limatsika kufika pa K1.5 miliyoni. Izi n'zosiyana ndi zolakwa za msungichuma zija, zomwe zimakonzedwa pobwerera ku mabuku a zaka zomwe zinachitikira. Odita amachita chidwi kwambiri zaka zikatalikitsidwa m'chaka chomwe malonda sanayende, chifukwa kungosintha nambala imodziyo kwawonjezera phindu ndi K1.5 miliyoni popanda thumba limodzi lowonjezera. Amafuna kuona kalata ya makanikoyo.

Pali ntchito ina yomwe siichitikira pa desiki. Odita amapita kuchigayo komweko, kupukuta fumbi la ufa pa kachitsulo komatidwa pa mota, n'kufananitsa nambala yake ndi yomwe ili m'kaundula wa katundu. Zimachitika kuti mota inapsa kalekale n'kugulidwa ina, koma ndandanda ikuchotsabe pa yakaleyo. Zimachitikanso kuti chigayo chinaima miyezi ingapo chifukwa cha kusowa kwa chimanga, msungichuma n'kuimitsanso kuchotsa. Pa njira yochotsa mofanana, kuima kwa makina sikuimitsa ndandanda. Malo omwe pamangidwa chigayo nawo amasiyidwa padera: nyumba imachotsedwa, koma nthaka nthawi zambiri siichotsedwa.

Mamembala akamva kuti chigayo chatsala K9.5 miliyoni, wina amaimirira n'kunena kuti ndi bodza, lero sungachipeze pa mtengo umenewo. Amanena zoona, koma pepalalo silinalonjeze mtengo wa pamsika. Likungonena gawo la ndalama ya 2021 lomwe silinagawidwebe. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero makina akale ochokera kunja amatha kugulitsidwa pa mtengo woposa wa m'buku. Chigayochi chitagulitsidwa pa K14 miliyoni kumapeto kwa 2024, buku lolondola lingaonetse phindu la K4.5 miliyoni pa malondawo, pomwe la msungichuma lingaonetse K8 miliyoni.

Bungwe lotolera misonkho la MRA nalo silitenga ndandanda imeneyi momwe ilili. Powerengera msonkho, ndalama ya dipulisiyeshoni imabwezedwa pa phindu, ndipo m'malo mwake mumalowa maalawansi a katundu wokhalitsa omwe lamulo la misonkho linakhazikitsa. Choncho chigayo chimodzi chimakhala ndi mitengo iwiri yotsala, wa m'buku la bungwe ndi wa pa fomu ya msonkho, ndipo odita amayang'ana kuti msungichuma sanakopere peresenti ya msonkho n'kuiika pa ndandanda ya bungwe.