Malipiro Amodzi, Makalendala Atatu: Za Ndalama Zapamwezi ku Northmead

Lero tili ku Northmead mumzinda wa Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Great East, kufupi ndi Manda Hill. Pamsika pano mungadziwe tsiku la mwezi osayang'ana kalendala. Mwezi ukangotha, anthu amanyamula thumba lathunthu la ufa la makilogalamu 25. Pakati pa mwezi ena mwa anthu omwewo amagula pamela, kaufa ka m'kapepala kokwana nsima ya tsiku limodzi. Ambiri amati vuto ndi kuchepa kwa malipiro, ndipo sakunama. Mu 2024 bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection lidapeza kuti zofunika pamwezi za banja la anthu asanu mu Lusaka zidapitirira K10,000. Komabe pali vuto lina limene silikambidwa kawirikawiri. Malipiro amabwera mwezi ndi mwezi, pamene lendi, fizi ndi zosowa za abale zimayendera nthawi yawoyawo.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito mu ofesi m'tauni, wa ana awiri, amene amachita lendi kanyumba ka kuseri kwa mpanda ku Northmead. Papepala malipiro ake ndi K9,000. Malinga ndi malamulo a msonkho a 2024, K5,100 yoyambirira siidulidwa msonkho, koma yotsalayo imadulidwa K970. NAPSA imatenga K450 ya penshoni, NHIMA imatenga K90 ya chithandizo cha kuchipatala. Yofika m'manja mwake ndi K7,490. Bajeti iyenera kuyambira pa nambala imeneyi. Achibale ambiri amamva za K9,000 ija, ndipo amapempha molingana nayo.

Kalendala yoyamba ndi ya eni nyumba. Mabanja ambiri a ku Kabwata, Libala ndi Chilenje adagula nyumba za khonsolo mu 1996, boma la Frederick Chiluba litalamula kuti zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo. Amene adabwera mumzinda pambuyo pake adapeza nyumba zili ndi eni, ndipo eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, yolipiriratu. Tinene kuti mayi wathuyu amalipira K2,500 pamwezi. Pamiyezi itatu ndi K7,500, kuposa malipiro ake onse a mwezi ndi K10. Ngati adalowa m'nyumbamo mu Januwale, eni nyumba adzagogoda mu Epulo, mu Julayi, mu Okutobala, ndi mu Januwale winanso. M'miyezi iwiri ya pakati amadziona ngati ali ndi ndalama, chonsecho K2,500 ya mwezi uliwonse ndi ya eni nyumba kale.

Kalendala yachiwiri ndi ya sukulu, imene imatsegulira mu Januwale, Meyi ndi Seputembala. Kuyambira mu Januwale 2022 boma la Hakainde Hichilema lidachotsa fizi m'sukulu za boma mpaka giredi 12, ndipo mabanja ambiri adapumako. Koma yunifomu, nsapato, makope ndi ndalama ya minibasi zidatsalabe kwa makolo. Makalasi atadzaza, makolo ena adasamutsira ana kusukulu zolipira. Mayi wathuyu ali ndi mwana mmodzi kusukulu ya boma, wina kusukulu yolipira K2,400 pa temu.

Yachitatu ndi ya kumudzi, ndipo imatsata mvula. Amayi ake a mayi wathuyu ali ku Katete. Mu Okutobala ndi Novembala pamafunika mbewu ndi feteleza. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zimakhala zitapepuka, monga zidavutira kwambiri chilala cha 2024 chitawotcha chimanga. Kumapeto kwa Ogasiti kuli mwambo wa Kulamba ku Mkaika, masabata ochepa temu yachitatu isanayambe. Maliro ndi matenda okha ndi amene alibe tsiku. Kale pempho linkabwera pa kalata kapena ndi munthu wotsika basi ku Intercity, ndipo munthu ankakhala ndi nthawi yoganiza. Lero foni imalira, ndalama nkupita pa Airtel Money kapena MTN nsima isanapse.

Makalendala atatuwa amakumana mu Januwale. Malipiro a Disembala m'malo ambiri amatuluka Khirisimasi isanafike, ndiye ayenera kukwanira pafupifupi masiku 40. M'masiku omwewo eni nyumba akufuna K7,500, sukulu ikufuna K2,400, kumudzi kuli njala. Apa ndi pamene munthu amapita kwa a kaloba, amene ambiri amaonjeza theka pamwezi: ukatenga K2,000 ubweza K3,000. K1,000 yapamwambayo imachoka m'malipiro otsatira, ndipo mpata umene yasiya umafuna kaloba wina. Chizindikiro choti zinthu zavuta n'chosabisika. Mukaona kuti mukukongola kuti mulipire chinthu chimene mumadziwa tsiku lake kuyambira chaka chatha, ndiye kuti kuwerengera kwanu kwasokonekera.

Njira yake ndi kuwerengera chaka chonse, kenako nkugawa pa miyezi 12. Lendi ndi K2,500 mwezi uliwonse, kaya eni nyumba abwera kaya sabwera. Fizi ya matemu atatu ndi K7,200, imene ndi K600 pamwezi, ndipo tionjezepo K100 ya yunifomu ndi makope. Kwa abale tiike K500: K300 yopita kwa amayi, K200 yosungira feteleza ndi maliro. Zonsezi ndi K3,700, ndipo ziyenera kuchoka tsiku lomwelo la malipiro, nkukhala pamalo pena posafikika ndi foni. Pa K3,790 yotsala, minibasi, magetsi a ZESCO, madzi ndi makala zikatenga K1,300, chakudya chimatsalira K2,490, kapena kuti K83 patsiku ya anthu atatu. N'zochepa ndithu, ndipo kuwerengera sikungazichulukitse. Ngati sizikukwana, chosinthika ndi nyumba kapena sukulu. Koma musanathawire ku Chelstone kapena kupitirira, werengerani minibasi, pakuti imatha kudya zimene mwapulumutsa pa lendi.

Chilimba chingathandize pano ngati mwasankha bwino mwezi wolandira. Ambiri amalimbirana Disembala chifukwa cha chikondwerero. Wolipira lendi ndi fizi apemphe kumapeto kwa Disembala kapena Januwale, ndipo ndalamayo ipite kwa eni nyumba tsiku lomwelo. Kumbukiraninso kuti chilimba chimayenda ndi kukhulupirika kokha. Mmodzi akalandira nkusiya kusonkha, otsala amaluza.

Mbali yovuta kwambiri ndi ya abale, ndipo ife sitikuvomereza uphungu woti munthu angowatsekera foni. Ambiri amene ali m'maofesi a Lusaka adaphunzira ndi fizi ya amalume kapena mtedza umene amayi adagulitsa. Kuthandiza ndi udindo. Chimene chimapweteka onse ndi kuthandiza mobisa ndi mosakhazikika, lero K1,000, miyezi itatu yotsatira zii. Ndi bwino kulankhula poyera: "Amayi, mwezi uliwonse ndizitumiza K300, ndipo ya feteleza ibwera mu Okutobala." Nawonso amayi amatha kukonzekera. Ngati muli ana angapo, khalani pansi mugawane, wina feteleza, wina mankhwala, wina fizi ya mwana wamasiye, kuti katundu yense asagwere mmodzi chifukwa choti amakhala ku Lusaka.

Omvera athu, madzulo ano tengani pepala lanu la malipiro ndi kalendala ya chaka. Lembani miyezi ya lendi, miyezi yotsegulira sukulu ndi mwezi wa feteleza, muone pamene zikukumana. Mukatero, imbirani foni amayi ndi abale anu, muwauze ndalama imene mungakwanitse ndi tsiku limene izifika.