Yankho lodzitumiza lokha m'Chifalansa: musanapite kutchuthi chachitali, tchulani wotsala pampando

Mwalemba imelo ku ofesi ina ya ku Falansa, ndipo musanachotse n'komwe dzanja pakompyuta, yankho lafika kale. Pamutu pake palembedwa "Réponse automatique" kapena "Absence du bureau". Mwiniwake sanaione n'komwe kalata yanu. Anachita kusiyiratu mawu m'makina kuti aziyankha aliyense womufuna iye ali kutchuthi. Ngati tchuthicho n'cha sabata imodzi, mawu awiri atatu akwana, chifukwa mukhoza kudikira. Koma ngati munthuyo wachoka miyezi inayi kapena kuposa, kauthenga kameneka ndiye khomo lokhalo limene mwatsala nalo, ndipo kakalembedwa mosasamala, ntchito yanu imaima.

Matchuthi aatali si achilendo ku Falansa. Mayi woyembekezera mwana woyamba kapena wachiwiri amapatsidwa masabata 16, asanu ndi limodzi asanachire ndi khumi atachira, ndipo pa mwana wachitatu amakwana masabata 26. Palinso tchuthi chimene amachitcha "congé sabbatique", cha miyezi 6 mpaka 11. Kuwonjezera apo, kuyambira pa 1 Januwale 2017 lamulo la ntchito la dzikolo limavomereza ufulu wa wantchito wosayankha mauthenga a kuntchito nthawi yake yopuma. Choncho Mfalansa akati wachoka, musayembekezere kuti azisuzumira m'bokosi lake usiku.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina ku Lyon. Tchuthi chake chauchembere chikuyamba Lolemba pa 3 Malichi 2025. Masabata 16 ndi masiku 112, ndiye kuti tsiku lomaliza ndi Lamlungu pa 22 Juni, ndipo abwerera Lolemba pa 23 Juni. Uthenga wake ungakhale wotere, m'mabokosimo n'kuikamo dzina ndi adiresi zenizeni:

```
Bonjour,

Je suis absente du 3 mars au 22 juin 2025 inclus.
Pendant cette période, je ne consulterai pas ma messagerie
et votre message ne sera pas transféré.

En mon absence, veuillez contacter Mme [Prénom Nom],
service comptabilité : [adresse e-mail], [téléphone].

Je serai de retour le lundi 23 juin.

Cordialement,
[Prénom Nom]
```

M'Chichewa akuti: sindilipo kuyambira pa 3 Malichi mpaka pa 22 Juni, tsikulo kuliwerengera pamodzi, nthawi yonseyi sindiziona maimelo, ndipo uthenga wanu supititsidwa kwa wina, lumikizanani ndi mayi uje a ku nthambi yowerengera ndalama, ndibwerera Lolemba pa 23 Juni.

Kamawu koti "inclus" kamaoneka kachabe, koma kamathetsa mkangano. Popanda iko, wowerenga sadziwa ngati pa 22 mwiniwake akhala ali pantchito kapena akadali kunyumba. Mayina a miyezi ndi masiku a sabata m'Chifalansa amayamba ndi chilembo chaching'ono, "mars", "juin", "lundi", ndipo tsiku loyamba la mwezi limalembedwa "1er". Ine ndimalimbikitsa kulemba mwezi m'mawu osati m'manambala, chifukwa 03/06 kwa Mfalansa ndi pa 3 Juni pamene Mmereka aziwerenga kuti pa 6 Malichi. Mwamuna alemba "absent", mkazi "absente". Ndipo chidule cha bambo ndi "M.", cha mayi ndi "Mme". Wolemba "Mr" amadziulula nthawi yomweyo kuti Chifalansa anachiphunzirira panjira.

Koma mtima wa uthengawu uli pamizere iwiri: wonena zimene zichitikire kalata yanu, ndi wotchula wolowa m'malo. Anthu ambiri amakopera mawu a tchuthi chachifupi, aja oti "Je vous répondrai dès mon retour", kutanthauza kuti ndikuyankhani ndikangobwera. Pa tchuthi cha masabata 16 lonjezo limeneli ndi bodza lopanda dala. Wogulitsa katundu amene akufunsa za malipiro ake m'Malichi sangadikire Juni, ndipo mayi uja akadzabwera adzapeza mulu wa maimelo umene sangathe kuuyankha wonse. Kunena poyera kuti kalata siiwerengedwa komanso siipititsidwa kwa wina ndi ulemu waukulu kuposa lonjezo lokoma, chifukwa wolembayo amadziwa kuti afunika kutumizanso yekha kwa munthu wina. Ngati kampani yakonza zoti makalata azipita okha kwa wotsalayo, mzerewo usinthe n'kukhala "votre message a été transféré à Mme [Nom]", kuti munthu asatumize kawiri.

Wolowa m'malo atchulidwe dzina lonse, nthambi yake ndi njira yomupezera. Kulemba kuti "contactez mes collègues", lumikizanani ndi anzanga, kuli ngati kuuza mlendo kuti akafunse m'mudzi. Musanaike dzina la munthu, kambiranani naye ndipo avomere. Mufunsenso ngati iyeyo alibe tchuthi chake m'miyezi imeneyo. Antchito ku Falansa ali ndi masabata asanu a tchuthi cholipidwa pachaka, ndipo ambiri amachoka m'Julaye ndi m'Ogasiti. Zikalakwika, wolemba amatumiza kwa wotsala uja n'kulandiranso yankho lodzitumiza lomubwezera kwa munthu woyamba. N'chifukwa chake ndi nzeru kuwonjezera adiresi ya nthambi yonse, imene anthu angapo amaitsegula. Ngati ntchito yagawidwa kwa anthu awiri, nenani wa chiyani ndi ndani: "pour les factures", za mainivoisi, uyu, "pour toute autre demande", zina zonse, uyo. Nambala ya foni ya ku Falansa ili ndi manambala khumi olembedwa awiriawiri, ndipo pofuna kuthandiza oimba ali kunja mumayamba ndi +33 n'kuchotsa 0 woyambirira.

Nanga chifukwa chochokera, chitchulidwe? Palibe chokukakamizani. Uthengawu umapita kwa aliyense, ngakhale anthu osawadziwa, ndipo matenda kapena pakati ndi nkhani za mwini. "Je suis absente" yakwana. Amene sakudziwa tsiku lobwerera, monga wodwala, alembe "pour une durée indéterminée", kwa nthawi yosadziwika, m'malo moika tsiku longopeka. Ndipo poti simukudziwa amene awerenge, gwiritsani "vous" yaulemu, osati "tu" ya anzanu apamtima.

Chotsala ndi makinawo. Mu Outlook ya Chifalansa mumapita pa "Fichier", kenako "Réponses automatiques", n'kuika tsiku loyamba ndi lomaliza. Pali malo awiri olembamo, a anthu a m'kampani ndi a anthu akunja. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: amadzaza oyambawo n'kuiwala achiwiri, ndipo makasitomala, amene amafunikira uthengawu kwambiri, salandira kanthu. Dziwaninso kuti Outlook imayankha munthu mmodzi kamodzi kokha pa nthawi yonse imene yankholo latsegulidwa, pamene Gmail imabwerezanso pakapita masiku anayi munthuyo akalembanso. Ndiye kuti wolemba m'Malichi amene sanasunge dzina la wotsala uja, akalembanso m'Meyi sakumbutsidwa. Dzinalo likhale pamzere wakewake, looneka msanga.

Mukatsegula yankholo, dzitumizireni imelo kuchokera ku adiresi yanu ina yakunja kwa kampani, ndipo muwerenge chimene chabwera monga mlendo amene sakukudziwani. Onani ngati masiku ali olondola, ngati adiresi ya wotsalayo ilibe chilembo cholakwika, komanso ngati zizindikiro za pamwamba pa zilembo, monga mu "période" ndi "transféré", zatuluka bwino. Chitani zimenezi musanatseke kompyuta tsiku lomaliza, mnzanu wotsalayo akadali pafupi kuti nayenso awerenge.